Kulumikiza Sola, Kontirola ndi Batire Osasemphanitsa Mawaya

Sola yoyamba imene ndinaika kwa amayi anga kumudzi inakhala padenga masiku atatu osalowetsa moto ngakhale pang'ono m'batire. Dzuwa linali la mu Okutobala, loswa mtengo, koma pofika madzulo a tsiku lachitatu mababu anangophethira n'kuzima. Amayi anandiimbira foni: "Mwananga, chinthu chako chija chadwala." Nditapita ndi mita yoyezera magetsi ndinapeza kuti palibe chimene chinapsa. Waya amene ndinamukhulupirira kuti ndi pozitivi, chifukwa anali wofiira ndipo pulagi yake inali ndi chizindikiro cha +, anali negetivi. Nthambo yowonjezera imene ndinagula yopangidwa kale ndi imene inatembenuza zonse.

Chichitikire zimenezo sindikhulupiriranso mtundu wa waya, maonekedwe a pulagi, kapena chizindikiro chodindidwa pa pulasitiki. Ndimakhulupirira mita, ndipo ndimayeza kunsonga yeniyeni ya waya amene akukalowa mu kontirola, kabokosi kamene kamakhala pakati pa sola ndi batire kuwongolera katchajidwe. Malangizo onse ali m'munsimu aima pamenepo.

Tigwiritsa ntchito zida zimene zimapezeka m'nyumba zambiri: sola ya mawati 50, kontirola ya maampu 10 (ena amaitcha leguleta), ndi batire ya mavoti 12. Mufunikanso mita, fyuzi ya maampu 15 ndi kachipangizo koikamo, waya wa kopa wa 2.5 mm², sikuludiraiva yaing'ono, tepi yofiira ndi yakuda, ndiponso katoni kapena bulangete lophimbira sola. Ngati mulibe mita, bwerekani kwa okonza mafoni kapena mawailesi pa msika. Ntchito imeneyi musaiyambe popanda mita.

Gawo 1: Werengani kapepala ka kumbuyo kwa sola

Tembenuzani sola. Kumbuyo kuli kapepala ka manambala, ndipo awiri okha ndi amene akutikhudza. Pamene palembedwa Voc ndi mavoti amene sola imatulutsa isanalumikizidwe ku chilichonse. Pa sola yotchajira batire ya mavoti 12 mupeza cha m'ma 21 kapena 22. Musadabwe nazo, ndi mmene zimakhalira, chifukwa moto sungalowe m'batire ngati sola siiposa batireyo mavoti. Pamene palembedwa Isc ndi maampu ochuluka kwambiri amene solayo ingatulutse, ndipo pa sola ya mawati 50 amakhala pafupifupi 3. Kontirola ya maampu 10 iwanyamula bwinobwino.

Mukapeza Voc ili cha m'ma 37 kapena kupitirira 40, imeneyo ndi sola yamtundu wina. Imani kaye muone pa pepala la kontirola yanu kuti imalola mavoti angati kuchokera ku sola.

Gawo 2: Dziwani pulagi imene muli nayo

Apa ndi pamene anthu ambiri timagwa, choncho tikhalapo pang'ono.

Masola ambiri a mawati 50 kupita m'mwamba amabwera ndi mapulagi awiri akuda otchedwa MC4, lililonse pa waya wakewake. Lina lili ndi kamlomo kotuluka kokhala ndi kamphira kozungulira, lina lili ndi chibowo cholandira kamlomoko. Mukawalowetsana amalira kuti "tswii-khe" n'kukolana, ndipo madzi salowa. Pa masola ambiri, la kamlomo ndi limene lili pa waya wa pozitivi, la chibowo lili pa negetivi.

Vuto limabwera pa nthambo yowonjezera. Taganizani: pulagi ya pozitivi ya sola ili ndi kamlomo, ndiye kuti imene ikuilandira iyenera kukhala ya chibowo. Koma mapulagi a chibowo ambiri amatuluka kufakitale atadindidwa kale chizindikiro cha −. Choncho waya amene wanyamula pozitivi kutsika padenga amayamba ndi pulagi yolembedwa −, ndipo ndi zolondola ndithu. Munthu wopanga nthambo akatsata chizindikiro chija, amaika pulagi yolembedwa + pa waya wofiira. Pulagi imeneyo ndi ya kamlomo, ndipo malo okha amene ingalowe ndi pa negetivi ya sola. Zonse zimakolana bwino, zimaoneka zaukhondo, koma wofiira uja wasanduka negetivi. N'zimene zinandichitikira ine.

Mawu oti "yaimuna" ndi "yaikazi" nawonso amasokoneza pa MC4, chifukwa pulagi ya kamlomo mkati mwake muli kachitsulo kobowoka, pamene ya chibowo mkati mwake muli kachitsulo kosongoka. Wina amatchula poona pulasitiki, wina poona chitsulo. Pogula, tengani chithunzi pa foni kapena nyamulani pulagi yeniyeniyo, muilowetse pamaso pa wogulitsa.

Mtundu wachiwiri ndi SAE, umene umapezeka pa timasola ting'onoting'ono totchajira batire ya galimoto kapena njinga yamoto. Ndi pulagi yamphira yophwatalala yokhala ndi mano awiri, lina lili pamtetete, lina labisika mu mphira. Mbali zonse ziwiri n'zofanana ndendende, ndiye polumikiza, dzino lapamtetete la uku limalowa mu lobisika la uko. Tanthauzo lake n'lakuti ngati mbali zonse ziwiri zaika pozitivi pa dzino lobisika, pozitivi ikumana ndi negetivi. Kumbali ya batire pozitivi iyenera kukhala yobisika, kuti isagunde chitsulo n'kuchita shoti. Kumbali ya sola opanga amasiyana, ena amabisa, ena amaonetsa. N'chifukwa chake m'katoni ya masola ena mumapezeka kanthambo kafupi kotembenuzira. Pa SAE mtundu wa waya usakunamizeni n'komwe, yezani mbali zonse ziwiri musanalowetse.

Mtundu wachitatu ndi kapulagi kozungulira ngati ka chaja ya laputopu. Kawirikawiri pozitivi imakhala m'kati mwa kabowo, negetivi ndi chitsulo chakunja, koma si nthawi zonse. Pafupi ndi polowetsera pamakhala kachithunzi ka kadontho kozunguliridwa ndi kamzere kopindika, ndipo chizindikiro cholumikizidwa ku kadontho ndi cha m'katimo. Komanso timapulagi timeneti timafanana kunja koma n'kusiyana m'kati. Ka mamilimita 5.5 x 2.1 ndi ka mamilimita 5.5 x 2.5 simungatisiyanitse ndi maso. Ka 2.5 kamalowa pa malo a 2.1 koma kamagwedera, moto n'kumadukaduka ndipo pulagi imatentha. Ikagwedera si yake.

Chinthu chimodzi ndikuchondererani: musagwiritse ntchito pulagi ndi soketi za magetsi a m'nyumba pa mawaya a sola. Ndaziona m'nyumba zingapo, ndipo ndimamvetsa, n'zimene zili pafupi. Koma ya mano awiri imalowa mbali iliyonse, lero bwino mawa chotembenuza. Ndipo tsiku lina mwana adzailowetsa pa jenereta kapena pa inveta.

Ngati kontirola yanu ndi ya timabowo tomanga ndi sikuruwu, monga zambiri zilili, pulagi ikhala kumtunda kokha. Kumunsi kukhala nsonga ziwiri za waya wosenda. Musadule mapulagi a pa sola penipenipo. Gulani anzake olowerana nawo muwaike pa nthambo yotsika.

Gawo 3: Yezani sola, kenako yezani kunsonga kwa nthambo

Konzani mita. Chingwe chakuda chilowe pa bowo lolembedwa COM, chofiira pa bowo lokhala ndi V. Onetsetsani kuti chofiira sichili pa bowo la 10A, chifukwa mukakagusa batire chili pamenepo ndiye kuti mwaichititsa shoti kudzera m'mita. Pindani kogudubuza kufika pa mavoti a DC, pamene pali V ndi kamzere koongoka kokhala ndi timadontho pansi. Sankhani 200, osati 20. Sola imapitirira 20, ndipo mita zotsika mtengo zikapyoledwa zimangoonetsa 1 kumanzere, munthu n'kumaganiza kuti sola yafa.

Ikani sola padzuwa. Gusani chofiira ku waya mmodzi, chakuda ku winayo. Mita ikaonetsa 20.8 kapena chapafupi pamenepo, popanda kamzere kutsogolo, waya amene wagusidwa ndi chofiira ndiye pozitivi. Ikaonetsa -20.8, waya amene wagusidwa ndi chofiira ndi negetivi. Palibe chimene chiwonongeke, mita yamanambala imangokuuzani. Nambala ikatsikirako pang'ono pa Voc ya pakapepala musadandaule, sola ikatentha mavoti amatsika.

Tsopano lumikizani nthambo yowonjezera, muitsitse kufika pamene pakhale kontirola. Nsonga ziwirizo zisagundane. Yezaninso pamenepo, ndipo kuyeza kumeneku ndi kumene kuli kofunika koposa, chifukwa kukuphatikiza pulagi iliyonse ndi mfundo iliyonse imene ili pakati. Mukapeza pozitivi, ikulungeni tepi yofiira nthawi yomweyo musanaike mita pansi. Winayo tepi yakuda. Ngati wofiira wa kufakitale wapezeka kuti ndi negetivi, ndi bwino kukonza mapulagi kuti mtundu ugwirizane ndi zoona zake. Mukalephera, kulungani tepi yambiri nsonga zonse, kumtunda ndi kumunsi, kuti wodzakonza pambuyo panu asadzanamizidwe.

Kunena za waya, kwa amayi kuchoka padenga kufika pa kontirola ndi mamita 6, ndiye kupita ndi kubwera ndi 12. Waya wa 2.5 mm² pa mtunda umenewu amataya pafupifupi kota ya voti. Kawaya kopyapyala ka sipika, ka 0.5 mm², kangataye voti yathunthu ndi kupitirira, ndiponso mawaya ake awiri amakhala ofanana mtundu. Kasiyeni ka wailesi.

Mukatha kuyeza, phimbani sola ndi katoni kapena bulangete, kapena masulani pulagi imodzi ya MC4. Ikhale yosagwira ntchito mpaka tifike pa gawo lake.

Gawo 4: Yezani batire

Pa batire yamtundu wa galimoto mutu wa pozitivi ndi wonenepako kuposa wa negetivi, ndipo pambali pake pali +. Pa batire yakale zizindikiro zimakwiririka ndi dothi ndi ufa woyera uja, choncho pukutani muyeze. Apa mita mutha kuibweza pa 20. Batire ya asidi yodzaza, imene yapuma maola angapo, imaonetsa 12.6 kapena 12.7. Ikaonetsa 12.1 ili cha pakati. Ikakhala pansi pa 11, kaitchajitseni kaye kwina, chifukwa kontirola imadya moto wa batire kuti iyake, ndipo zina siziyaka batire ikafooka kwambiri.

Gawo 5: Batire iyambe kulowa

Kontirola zambiri zili ndi mabowo 6 pamzere. Awiri a kumanzere ali ndi chithunzi cha sola, awiri apakati cha batire, awiri a kumanja cha babu. Pa awiri aliwonse pali + ndi −. Werengani zizindikiro za pa kontirola yanuyo, musaloweze za ya mnansi.

Batire imayamba pa chifukwa chenicheni. Kontirola zambiri zimagwira pa mavoti 12 ndi 24, ndipo zimadziwa zokha poona batire pa nthawi yoyaka. Sola ikayamba kulowa ndi mavoti ake 21, kontirola itha kuganiza kuti ili pa 24, n'kumadzakankhira batire yanu moto wopyola muyezo, kapena kuwonongeka kumene popeza moto wa sola ulibe kopita.

Dulani mawaya awiri afupiafupi, osapitirira mita imodzi ndi theka. Pa wa pozitivi ikani kachipangizo ka fyuzi pafupi kwambiri ndi mutu wa batire, kutalika kwa chikhatho basi, koma fyuzi yeniyeniyo musaiike. Fyuzi imeneyi ikuteteza waya. Batire ya mavoti 12 siingakugwireni, koma ikachita shoti imatulutsa maampu mazanamazana, waya amafiira ngati khala, ndipo denga la udzu kapena katani sizichedwa kuyaka. Vulaninso mphete ndi wotchi yachitsulo.

Sendani nsonga pafupifupi sentimita imodzi, potani timawaya kuti pasakhale kamodzi kotuluka pambali. Masulani sikuruwu mpaka kabowo katseguke konse. Anthu ambiri amalowetsa waya kabowo kali kotseka, waya n'kukhala pansi pa kachitsulo kopanira m'malo mwa m'kati mwake. Sikuruwu imalimba koma waya sanagwidwe. Mukamanga, kokani waya ndi zala. Akatuluka yambiraninso.

Mangani mawaya onse awiri ku kontirola, kenako ku mitu ya batire. Musanaike fyuzi, chitani kuyeza kumodzi kumene kumapulumutsa kontirola. Chakuda cha mita chiguse sikuruwu ya − ya batire pa kontirola, chofiira chiguse kachitsulo ka m'kachipangizo ka fyuzi ka mbali yochokera ku batire. Muyenera kuona 12 ndi kanthu, popanda kamzere. Kenako tsatani waya wa fyuziyo ndi chala kufikira mutaona kuti walowadi pa +. Zikatero ikani fyuzi. Kontirola iyaka, ionetsa mavoti ofanana ndi amene munayeza, ndipo zina zimaonetsanso 12V.

Ikapanda kuyaka, zulani fyuzi msanga muione. Ngati yapsa, pafupifupi nthawi zonse ndiye kuti mawaya asemphana kapena agundana. Musaike ina yaikulu, ndipo musaikepo waya kapena kapepala konyezimira ka fodya. Kontirola zina zili ndi chitetezo choti batire ikasemphana sizipsa, koma pa zotsika mtengo musadalire zimenezo, ngakhale zitalembedwa pa katoni. Zina zimangotulutsa kautsi kamodzi n'kutha.

Kontirola ikayaka, sankhani mtundu wa batire motsatira pepala lake. Ya asidi yothira madzi, yomata, ndi ya lifiyamu sizitchajidwa mofanana.

Gawo 6: Tsopano sola

Sola ikadali yophimbidwa, lowetsani waya wa tepi yofiira pa + ya chithunzi cha sola, wa tepi yakuda pa −. Pa zina palembedwa PV+ ndi PV-. Mangani, kokani, kenako kavundukuleni sola kapena kulowetsa pulagi munamasula ija mpaka ilire.

Zikakhala bwino muona zinthu zitatu. Pa kagalasi pabwera chithunzi cha dzuwa ndi muvi woloza ku batire, kapena kanyali kobiriwira. Mavoti a batire ayamba kukwera pang'onopang'ono. Kwa amayi anachoka pa 12.1 kufika 12.9 ndisanamalize kapu ya thobwa, ndipo batire ya asidi imakwera mpaka cha m'ma 14.4 isanabwerere ku 13.7 ikadzaza. Chachitatu chimadabwitsa ambiri: mukayeza pa masikuruwu a sola simupezanso 21 koma 13 kapena 14. Pa kontirola ya mtundu wotchedwa PWM, monga zilili zambiri zotsika mtengo, zimenezi n'zabwino, zikuonetsa kuti batire ikukoka moto ndipo yatsitsira sola pa mavoti ake.

Sola ikasemphana, kontirola imayakabe bwinobwino chifukwa ikudya ku batire, ndipo n'chifukwa chake cholakwachi chimabisala masiku. Chizindikiro chake ndi chithunzi cha mwezi masana dzuwa lili phwee, maampu a sola ali pa 0.0, batire osakwera. Gusani mita pa masikuruwu a sola, chofiira pa +. Kamzere kakaoneka kutsogolo kwa nambala, kaya nambalayo ndi yaikulu kaya yaing'ono, phimbani sola musinthe mawaya. Mukapeza 21 wopanda kamzere koma batire yosadzaza siikukwera, mawaya ali bwino, vuto lili mu kontirola kapena pa waya wa batire. Mukapeza 0, pali pulagi imene sinakolane, kapena kachitsulo kake kabwerera m'mbuyo mkati mwa pulasitiki.

Wina angati, bwanji osangolumikiza sola ku batire mwachindunji kuti tione ngati ikugwira? Musayese. Mukasemphanitsa popanda kontirola pakati, batire imakankha moto wake wonse kudzera m'timadayodi ta m'kabokosi ka kumbuyo kwa sola, ndipo timapsa m'kanthawi kochepa.

Palinso msampha wina wa anthu ofuna kusunga waya. Kontirola zambiri zotsika mtengo za PWM zinalumikiza mapozitivi onse m'kati, ndipo zimatsegula ndi kutseka moto kumbali ya negetivi. Mukaphatikiza negetivi ya sola ndi ya batire kunja, kapena kuzimangira zonse ku chitsulo chimodzi, mwailambalala kontirola ndipo batire izitchajidwa popanda woiletsa mpaka kuwira. Waya aliyense apite pa bowo lake.

Gawo 7: Mababu, ndi kamasulidwe

Mababu a mavoti 12 ndi chaja ya mafoni zilowe pa mabowo a chithunzi cha babu, + ku +. Mababu ambiri a LED akasemphana amangokana kuyaka, koma wailesi kapena kanema wa mavoti 12 atha kupsa, choncho yezani pa pulagi yake musanailowetse. Inveta isalowe pamenepa. Imakoka maampu oposa amene kontirola ya 10 ingapirire, ndiye ipite ku batire mwachindunji ndi waya wonenepa ndi fyuzi yakeyake.

Tsiku lofuna kuchotsa batire, kaya kukaithira madzi kaya kubwereketsa pa ukwati, bwererani chambuyo: zimitsani mababu, phimbani sola n'kumasula, batire ikhale yomaliza. Pobwezera, batire iyambe. MC4 musaizule moto ukuyenda, imathetheka n'kuwononga timachitsulo ta m'kati. Kwa amayi ndinalemba ndondomeko imeneyi pa katoni ndi cholembera chakuda n'kukhoma pakhoma pamwamba pa kontirola, chifukwa amene amachotsa batire ine kulibe ndi mdzukulu wawo wa Fomu 2. Pa mutu wa pozitivi ndinapakapo penti yofiira ya zikhadabo, ndipo fyuzi ziwiri zapadera ndinazimata ndi tepi pambali pa batire pomwepo.